Pamene 1,500 isanduka 1: momwe strtol imagwirira manambala olakwika m'chilankhulo cha C

Chaka cha 2022 chitangolowa, anthu akadali pa chisangalalo, maimelo m'makampani ndi m'mabungwe ambiri padziko anangoima njii. Otumiza ankatumiza, koma makalatawo ankangounjikana pamzere osafika kwa eni ake. Amene anakhudzidwa anali ogwiritsa ntchito Microsoft Exchange Server 2016 ndi 2019 pa makina awoawo. Akatswiri oyang'anira makinawo atatsegula kaundula wa zolakwika anapezamo uthenga uwu: `Can't convert "2201010001" to long`. Makinawo ankadandaula kuti alephera kusandutsa zilembo 2201010001 kuti zikhale nambala.

Gwero lake linali laling'ono modabwitsa. Gawo la Exchange lofufuza mavairasi m'makalata linkalandira zowonjezera zake zokhala ndi nambala yoyamba ndi deti: madijiti awiri a chaka, awiri a mwezi, awiri a tsiku, kenako anayi otsalawo. Nambala iliyonse ya mu 2021 inkayamba ndi 21, ndipo inkakwana bwino m'malo amene inkasungidwa, omwe malire ake ndi 2,147,483,647. Pa 1 Januwale nambala inayamba ndi 22, n'kudumpha malirewo. Pokonza mwachangu, kampaniyo inabweza nambalayo kukhala 2112330001, ngati kuti mwezi wa Disembala 2021 unali ndi tsiku la 33.

Nkhaniyi imasekedwa, koma ili ndi mbali imene ambiri saiona. Pulogalamuyo inazindikira kuti nambala siikukwana, inakana, ndipo inanena chimene yakana. N'chifukwa chake vutolo linadziwika msanga. Mapulogalamu ochuluka olembedwa m'chilankhulo cha C sachita nkomwe zimenezi: amalandira zilembo zolakwika, amatulutsa nambala ina yake, n'kupitiriza ntchito mwakachetechete.

Vutoli limabuka chifukwa chakuti kompyuta siona zolembedwa pa kiyibodi monga momwe munthu amazionera. Munthu akalemba 407, makina salandira nambala. Amalandira zilembo zitatu zondondozana, chilichonse chili ndi chizindikiro chake m'ndondomeko ya ASCII: 4 ndi 52, 0 ndi 48, 7 ndi 55. M'chilankhulo cha C, chomwe Dennis Ritchie anapanga ku Bell Labs chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, mndandanda wotere umatsekedwa ndi baiti ya ziro, yolembedwa `'\0'`, yosonyeza kuti mawu athera pamenepo. Kuti zilembozo ziwonkhetsedwe kapena kuchulukitsidwa, payenera kukhala china chozidutsa chimodzichimodzi: chitenge 4, chichulukitse ndi 10 n'kuwonjezera 0 kuti chipeze 40, chichulukitsenso ndi 10 n'kuwonjezera 7 kuti chipeze 407. Masamu ake ndi a ku pulayimale. Chovuta n'chakuti anthu salemba madijiti okhaokha, ndipo malo osungiramo yankho ali ndi polekezera.

Wophunzira C aliyense amayamba wakumana ndi `atoi`, fankishoni yaifupi komanso yosavuta: kuipatsa mawu, iyo n'kubweza nambala. Ikapatsidwa `"407"` imabweza 407. Ikapatsidwa `"nsomba"` imabweza 0. Ikapatsidwa `"0"` imabwezanso 0, ndipo wolemba pulogalamu alibe njira yodziwira ngati munthu analembadi ziro kapena analemba zopanda pake. Ikapatsidwa `"12abc"` imabweza 12 osanena kuti yasiya zina kumbuyo. Choopsa kwambiri chimabwera nambala ikakula kupitirira malire a `int`. Apa malamulo a chilankhulochi amati zotsatira zake n'zosalongosoledwa, kutanthauza kuti palibe lonjezo lililonse la zimene pulogalamu ichite. Ikhoza kutulutsa nambala ina pa makina awa, ina pa makina ena. Nayonso `sscanf` yokhala ndi `%d`, imene ambiri amathawirako, ili ndi vuto lomwelo la nambala yosefukira, ngakhale imatha kunena ngati sinapeze dijiti iliyonse.

Fankishoni yoyenera ntchitoyi ili mu `stdlib.h`, ndipo yakhala m'malamulo a C kuyambira mu 1989:

```c
long strtol(const char *nptr, char **endptr, int base);
```

Imalandira zinthu zitatu. Choyamba ndi mawu oti asandutsidwe. Chachitatu ndi kawerengedwe kake: 10 ngati tikuwerenga m'makumi monga mwa masiku onse, 16 kapena 2 pa ntchito za mkati mwa makina, ndipo nambala iliyonse kuyambira 2 mpaka 36 imaloledwa. Chachiwiricho, chimene chimaopseza ongoyamba kumene chifukwa cha nyenyezi zake ziwiri, ndicho mwini nkhani. Wolemba pulogalamu amapereka malo, ndipo `strtol` imalembamo adiresi ya chilembo choyamba chimene yalephera kuwerenga. Mwachidule, imaloza chala pamene yalekezera.

Kayendedwe kake n'kotere. Imayamba yadumpha mipata yonse ya kutsogolo. Ikapeza `+` kapena `-` imachilandira kamodzi. Kenako imatola madijiti mpaka itakumana ndi chilembo chosakhala dijiti, n'kuima pomwepo. Siimitsa pulogalamu, siilemba uthenga pa sikirini. Imangosiya zizindikiro m'malo atatu: nambala imene yabweza, polekezera paja, ndi `errno`, kabokosi kamene mafankishoni a C amasiyamo chizindikiro cha cholakwa. Amene amangotenga nambala yokhayo, n'kuika `NULL` pa malo achiwiri, wangolemba `atoi` m'njira yaitali.

Chitsanzo chabwino ndi cha kalaliki wa kopaletivi ya alimi amene akulowetsa m'kompyuta ndalama zimene membala aliyense wapereka. Pulogalamu ikufuna makwacha athunthu, kuyambira 1 mpaka 50,000,000. Fankishoni yosamala ikhoza kulembedwa chonchi:

```c
#include <errno.h>
#include <stdlib.h>

int werenga(const char *mawu, long pansi, long pamwamba, long *yankho)
{
    char *polekeza;
    long n;

    errno = 0;
    n = strtol(mawu, &polekeza, 10);

    if (polekeza == mawu)          return 1;
    if (*polekeza != '\0')         return 2;
    if (errno == ERANGE)           return 3;
    if (n < pansi || n > pamwamba) return 4;

    *yankho = n;
    return 0;
}
```

Ikabweza 0 ndiye kuti zayenda, ndipo nambala ili mu `yankho`. Ikabweza china chilichonse, `yankho` sakhudzidwa. Mizere inayi ya `if` ija ndi mafunso anayi osiyana, ndipo lililonse limagwira cholakwa chimene enawo sangagwire.

Funso loyamba: kodi panali dijiti ndi imodzi yomwe? Kalaliki wozolowera kulemba pa malisiti akhoza kulemba `K1500`. Chilembo `K` si mpata, si chizindikiro cha kuwonjezera kapena kuchotsera, si dijiti, choncho `strtol` imabweza 0 osasuntha phazi, ndipo `polekeza` amaloza pachiyambi penipeni pa mawuwo. N'chimodzimodzi ngati kalaliki wangodina batani lolowetsera osalemba kanthu, kapena walemba mipata yokhayokha, kapena `-` yekha. Pa zonsezi `polekeza == mawu` zimakhala zoona. Akalemba `0`, nambala yobwezedwa ndi 0 yomweyo, koma chala chasuntha ndi chilembo chimodzi. Kusiyana kumene `atoi` imalephera kuonetsa kwaoneka apa.

Ena amayesa kugwira vuto limeneli poyang'ana ngati `errno` wasanduka `EINVAL`. Njirayi ndi yosadalirika. Pa macOS ndi pa makina ena a banja la BSD zimachitikadi, koma laibulale ya glibc imene ili pa makina ambiri a Linux siikhudza `errno` ikapanda kupeza madijiti, ndipo malamulo a C sakakamiza. Kuyerekeza `polekeza` ndi `mawu` kumagwira ntchito kulikonse.

Funso lachiwiri ndi limene limapulumutsa ndalama zenizeni: kodi mawu onse awerengedwa? Anthu amalemba ndalama ndi koma, ndipo kalaliki wathu tsiku lina adzalemba `1,500`. Apa `strtol` imawerenga 1, imakumana ndi koma, imaima. Imabweza 1, `errno` akadali 0, ndipo kwa iyo palibe cholakwika chilichonse: yawerenga zimene inatha kuwerenga. Mlimi amene wapereka K1,500 walembedwa kuti wapereka kwacha imodzi. Cholakwa chotere sichigwetsa pulogalamu, chimadzaonekera pakutha pa mwezi mabuku akakana kugwirizana, ndipo woyamba kukayikiridwa amakhala kalaliki. Chimene chimaulula ndi `*polekeza`, chomwe pa nthawiyi chili pa koma m'malo mokhala pa `'\0'`. Funso lomweli limagwira `1500.50`, imene ikanasanduka 1500, ndi `15O0` yolembedwa ndi chilembo O m'malo mwa ziro, imene ikanasanduka 15.

Pano pali mbuna imene imagwetsa pafupifupi aliyense ulendo woyamba. Mawu ochokera pa kiyibodi kawirikawiri amawerengedwa ndi `fgets`, ndipo `fgets` imasunga chilembo cha mzere watsopano, `'\n'`, kumapeto. Kalaliki akalemba 1500 molondola, pulogalamu imalandira `"1500\n"`, funso lachiwiri n'kuikana. Wophunzira amaona nambala yabwinobwino ikukanidwa, amakwiya, amafufuta mzere wonsewo wa `if`, ndipo vuto la koma lija labwerera. Mankhwala ake ndi kuchotsa chilembocho musanaitane fankishoni:

```c
mzere[strcspn(mzere, "\r\n")] = '\0';
```

Chilembo `'\r'` chaikidwamo chifukwa mafayilo olembedwa pa Windows amatseka mzere ndi zilembo ziwiri, ndipo akawerengedwa pa Linux choyambacho chimatsalira, chosaoneka ndi maso. Dziwaninso kuti `strtol` ndi yokondera pa nkhani ya mipata: wa kutsogolo imaudumpha, wa kumbuyo imaimapo. Kulola kapena kukana mipata ya kumbuyo ndi chisankho cha wolemba pulogalamu, bola achite mwadala.

Funso lachitatu ndi la kusefukira. Tinene kuti batani la 9 lakanirira, pa sikirini n'kutuluka ma 9 okwana 25. Onsewo ndi madijiti, kotero `strtol` imawadutsa mpaka kumapeto, ndipo mafunso awiri oyamba aja saona vuto. Koma nambala yotere singakwane mu `long`. Zikatere imachita ngati sikelo ya muvi imene yapachikidwa katundu woposa mphamvu yake: muvi umakaima pa nambala yomaliza, ndipo kungouyang'ana simungadziwe ngati katunduyo akulemera ndendende pamenepo kapena kuwirikiza katatu. Fankishoniyi imabweza `LONG_MAX`, kapena `LONG_MIN` ngati nambalayo ili ndi `-` kutsogolo, n'kulemba `ERANGE` mu `errno`. Chizindikiro chimenechi chokha ndicho chimasiyanitsa munthu amene walembadi nambala yomalizayo ndi amene waidumpha.

Ndiye chifukwa chake mzere wa `errno = 0;` ulipo, ndipo si wokongoletsa. Palibe fankishoni ya mu laibulale ya C imene imabwezera `errno` pa ziro. Ikachita bwino imangomusiya momwe inamupezera. Ngati membala wapitayo analembedwa nambala yosefukira, `ERANGE` wake amakhalabe m'kabokosimo, ndipo nambala yabwino ya membala wotsatira ikhoza kukanidwa pa mlandu wa mnzake. Komanso `errno` ayenera kuwerengedwa nthawi yomweyo. Kuika `printf` pakati pa `strtol` ndi funsoli, monga amachitira ambiri pofufuza vuto, kukhoza kusintha chizindikirocho, chifukwa mafankishoni ambiri amaloledwa kulemba mu `errno` ngakhale atagwira bwino ntchito yawo.

Funso lachinayi `strtol` singamuyankhire munthu, ndipo apa ndi pamene nkhani ya Exchange ija imagona. Kukula kwa `long` sikofanana pa makina onse. Pa Linux ndi macOS za mabiti 64, `long` ali ndi mabiti 64 ndipo amafika pa 9,223,372,036,854,775,807. Pa Windows, ngakhale ya mabiti 64, `long` ali ndi mabiti 32 okha ndipo amathera pa 2,147,483,647, malire omwe aja amene 2201010001 inadumpha. Pomwe `int` ali ndi mabiti 32 pa makina onse atatuwa.

Tsopano kalaliki alembe `3000000000`, mabiliyoni atatu, ziro atamuchulukira. Pa Windows nambalayi siikwana mu `long`, choncho funso lachitatu liigwira. Pa Linux ikukwana bwinobwino: `errno` ndi 0, mawu onse awerengedwa, palibe chodandaula. Wolemba pulogalamu akangoitsanulira mu `int` osafunsa, kompayila ya gcc imasunga mabiti 32 a m'munsi, ndipo yankho limatuluka 3,000,000,000 kuchotsapo 4,294,967,296, ndiye kuti −1,294,967,296. Mlimi wopereka ndalama wasanduka wangongole yoposa biliyoni. Khodi yomweyo, mawu omwewo, zotsatira ziwiri, ndipo yoipitsitsayo ili pa makina amene ali ndi malo ambiri. Wofuna `int` ayenera kuyerekeza ndi `INT_MIN` ndi `INT_MAX` za mu `limits.h` asanatsanule. Koma malire abwino koposa ndi a ntchito yeniyeniyo. Mu chitsanzo chathu, `werenga(mzere, 1, 50000000, &ndalama)` imakana mabiliyoni atatuwo pa makina aliwonse, imakananso `-1500` ndi `0`, zomwe ndi manambala enieni koma si zopereka. Amene akufunadi manambala akuluakulu pa makina onse agwiritse ntchito `strtoll`, imene inalowa m'malamulo mu 1999 ndipo imabweza `long long`, wosachepera mabiti 64 kulikonse. Mafunso ake ndi anayi omwewa.

Kubweza 1, 2, 3 kapena 4 m'malo mongonena kuti zalephera kuli ndi phindu lake kwa wokhala pa kiyibodi. Uthenga wakuti "chotsani koma" ndi wakuti "ndalamayi yaposa malire" amamuuza kalaliki chochita. Wongoti "mwalakwitsa" umamusiya akubwereza cholakwa chomwecho, mzere wa alimi ukutalika panja.

Patsala zinthu ziwiri zimene zimapusitsa ngakhale odziwa. China ndi kuika 0 pa malo achitatu aja m'malo mwa 10. Ziro amauza `strtol` kuti idzisankhire yokha kawerengedwe poona chiyambi cha mawu: `0x` ndiye kuti ya 16, ziro woyambirira ndiye kuti ya 8, zina zonse ya 10. Zimaoneka ngati ufulu, koma anthu wamba amaika ziro kutsogolo osaganizira. Mawu akuti `0750` amasanduka 488, chifukwa 7 wachulukitsidwa ndi 64 ndipo 5 ndi 8. Onse awerengedwa, palibe kusefukira, nambala ili mkati mwa malire: mafunso anayi onse adutsa, yankho n'lolakwika. Pomwe `0900` imaima pa 9, poti m'kawerengedwe ka 8 mulibe dijiti imeneyo. Pa chilichonse cholembedwa ndi munthu wamba, 10 ndiye woyenera.

Pamenepa mpamene payenera kutchulidwa manambala a foni. Ya m'manja ya ku Malawi imayamba ndi ziro, ndipo ikasandutsidwa nambala ziroyo amasowa. Ikalembedwa ndi 265 kutsogolo imakhala ya madijiti 12, yosakwana m'mabiti 32. Palibe amene amawonkhetsa manambala a foni, ndipo zinthu zotere, pamodzi ndi manambala a akaunti ya ku banki, zimayenera kusungidwa ngati zilembo basi. Chizindikiro chopangidwa ndi deti ngati cha Exchange chija chili m'gulu lokayikitsa lomweli.

Chinacho ndi `strtoul`, m'bale wake wa `strtol` wowerenga manambala osatsika pansi pa ziro. Munthu angaganize kuti ikana `-1`. Siikana. Malamulo amati ilandire chizindikirocho, iwerenge 1, kenako itembenuze yankho m'masamu a manambala opanda chizindikiro, ndipo chotuluka ndi nambala yaikulu kuposa zonse: 18,446,744,073,709,551,615 pa Linux ya mabiti 64, kapena 4,294,967,295 pa Windows. `errno` sakhudzidwa. Nambala yotere ikapita kukakhala kukula kwa fayilo kapena kuchuluka kwa malo opempha mu memole, khomo latseguka kwa akuba a pa intaneti, amene ntchito yawo ndi kulemba dala zimene wolemba pulogalamu sanayembekezere. Nthawi zambiri n'kwabwino kugwiritsa ntchito `strtol` kapena `strtoll` ndi malire a pansi a 0, kusiyana n'kudalira `strtoul` kuti ikane yokha.

Kunena zoona, `strtol` si fankishoni yokoma kugwiritsa ntchito. Kufunsa mafunso anayi pa nambala imodzi n'kotopetsa, ndipo munthu wotopa amadumpha limodzi. Opanga OpenBSD anaona zimenezi, ndipo mu 2004 anatulutsa `strtonum`, imene imalandira mawu, malire a pansi ndi a pamwamba, n'kuchita zonse pakamodzi, m'makumi okha. Imapezeka pa makina a BSD, ndipo pa Linux imabwera ndi laibulale ya libbsd, koma siili m'malamulo a C, choncho pulogalamu yoyenera kuyenda paliponse singaidalire. Malangizo a chitetezo a CERT, pa lamulo lawo la ERR34-C, amalozanso ku banja la `strtol` ndi kuletsa `atoi` pa chifukwa chomwechi chakuti siitha kunena ikalakwa.

Njira imene imagwira ntchito ndi kulemba fankishoni ngati `werenga` kamodzi, kuiika pamalo amodzi, ndi kuonetsetsa kuti nambala iliyonse yochokera pa kiyibodi, mu fayilo kapena pa netiweki ikudzera mmenemo. Isanakhulupiriridwe, iyesedwe ndi mawu opanda kanthu, `K1500`, `1,500`, `0`, `-1500`, `0750`, `3000000000` ndi ma 9 okwana 25, pa Windows ndi pa Linux pomwe ngati pulogalamuyo idzayenda konseko. Ndi malire a kopaletivi aja, pa mawu asanu ndi atatuwa ayenera kulandiridwa ndi `0750` yekha, ndipo atuluke 750.